Ndapempha adivansi kuntchito, abwana sanayankhe: ndilembe bwanji?

Mayi a Thoko: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa shopu ina ya zipangizo zomangira ku Limbe, chaka chachitatu tsopano. Akachotsa msonkho ndi penshoni ndimalandira K380,000. Mwana ali Fomu 3, ndipo fizi ya teremu yachiwiri yatsala K150,000, yofunika pofika pa 15 Januwale. Lolemba ndinatumizira abwana uthenga uwu pa WhatsApp: "Bwana chonde chonde ndichitireni chifundo, ndili pamavuto aakulu, mwana amuthamangitsa kusukulu, ndilibe kolowera. Kangachepe kalikonse. Mulungu adzakudalitsani." Anawerenga, koma mpaka lero zii. Ndilembenso? Ndinalakwitsa pati?

Achimwene a ku Ndirande: Iiih mayi, mabwana a masiku ano alibe chisoni. Pitani ku banki mkhonde basi.

Mayi a Thoko: Kumeneko ndili nayo kale ngongole, achimwene. Ndikufunsa za kalembedwe.

Anambewe: Mayi a Thoko, ndakhala zaka zambiri ndikukonza malipiro a antchito. Uthenga wanu si woipa, koma mulibe chinthu chimene bwana angasayinire. Simunatchule ndalama, tsiku limene mukuzifuna, kapena momwe mudzabwezere. "Kangachepe kalikonse" kamasiyira bwana ntchito yoganiza m'malo mwanu, ndipo sadziwa ngati mukupempha mphatso kapena ngongole. Ambiri amangokhala chete.

Musanalembe, sankhani chimene mukupempha. Adivansi ndi gawo la malipiro a mwezi womwewo, ndipo kawirikawiri amaidula yonse pakutha pa mweziwo. Akakudulani K150,000 kamodzi mutsala ndi K230,000 ya lendi, chakudya ndi thiransipoti, osaiwala banki mkhonde ija. Febuluwale mudzapemphanso. Chimene chikukuyenerani ndi ngongole yobweza miyezi itatu, K50,000 pamwezi, muzitsala ndi K330,000. Ine ndikanalemba chonchi:

"Kwa Bwana Manijala,

PEMPHO LA NGONGOLE YA K150,000

Ndikupempha ngongole ya K150,000 yolipirira fizi ya mwana wanga, yomwe ikufunika pofika pa 15 Januwale. Ndikuvomereza kuti muzidula K50,000 pa malipiro anga a Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Pakadali pano ndilibe ngongole ina pakampani pano. Ngati ndalama yonseyi singatheke, K100,000 ingandithandize, yobweza miyezi iwiri. Ndaphatikiza kalata ya kusukulu. Ndidzathokoza mutandiyankha pofika Lachisanu."

Pansi dzina, udindo, tsiku ndi siginecha. Mawu akuti "ndikuvomereza kuti muzidula" musawasiye, chifukwa a ku akaunti amafuna chilolezo cholembedwa asanakhudze malipiro a munthu. Ngati kwanuko makalata amalemba m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi.

Bambo a Limbani: Zoona, koma chifukwa chake osatchula n'komwe. Za kunyumba n'za kunyumba. Ukangoti fizi, ofesi yonse imadziwa kuti wasauka.

Anambewe: Bambo a Limbani, mukunena zoona kuti asafotokoze mavuto onse, za bambo a mwana kapena za eni nyumba. Koma malo ambiri amene ndikuwadziwa amapereka ngongole pa zifukwa zodziwika: maliro, matenda, fizi. Chiganizo chimodzi chotchula chifukwa chimathandiza bwana kuona kuti pempholo likulowa m'malamulo a pakampani.

Bambo a Limbani: Kalata ya kusukulu yokhayo ine sindingaphatikize. Akaifuna afunse okha.

Aunt a ku Area 25: Ine yanga inali yopempha kuti andionjezere masiku pa ngongole ya ku SACCO. Koyamba ndinadikira tsiku lidutse, kenako ndinalemba zolira, ndipo chindapusa sanandichotsere. Ulendo wachiwiri ndinalemba kutatsala sabata: "Ndimayenera kupereka K60,000 pa 30. Ndipereka K35,000 tsikulo, ndipo K25,000 yotsala pa 14 mwezi wamawa." Anavomera. Mawu akuti "posachedwa" kapena "zinthu zikayenda" musawalembe ayi, ikani tsiku lenileni, ndipo likhale loti mukwanitsadi.

Mayi a Thoko: Zikomo nonse. Koma nanga uthenga woyamba uja? Ndipepese kaye? Ndikuchita manyazi.

Anambewe: Palibe chopepesa, mayi. Yambani ndi "Potsatira uthenga wanga wa Lolemba," n'kupitiriza. Ilembeni papepala, mudzisungire kope. Funsaninso a ku akaunti tsiku limene amatseka malipiro, chifukwa kalata ikafika atatseka kale, kudula kumayamba mwezi wotsatira ndipo miyezi mwalembayo iyenera kusintha.

Mayi a Thoko: Ndafunsa, akuti amatseka pa 20, ndiye ndikadali ndi nthawi. Koma akutinso ngongole kwathu siidutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Ndiye ndilembe K150,000 yomweyo, kapena ndingoyambira pa K120,000?