Ija ya kulemba pa TV ndi foni yatheka

Paja ndinafunsa kuti: "Pasiwedi ya Netflix ikundipweteka chala pa rimoti, palibe njira ina?"

Ndabweranso abale, zatheka. TV yathu kuno ku Rosettenville ndi ya Android TV, ndiye ndinaika apu ya Google TV pa foni, nkudina kachizindikiro ka rimoti, TV inaonetsa kodi ya zilembo 6 ndinailemba pa foni basi zagwirizana. Pano ndikafika polemba, kiyibodi imatulukira yokha pa foni.

Chinandizunguza mutu poyamba, foni simaiona TV, kani ine ndinali pa data pomwe TV ili pa waifai ya alandilodi, zimafuna netiweki imodzi. Koma mapulogalamu ena amakakamira kiyibodi yawoyawo, YouTube ndimangosaka pa foni nkuponya ku TV.