Sefa yathu ya mauthenga ikutaya mawu a alimi, ndikonze pati?

Mlembi wa kalabu, Kamwendo

Akuluakulu a pa gulu lino, amene mumadziwa za kompyuta ndithandizeni. Kalabu yathu ya alimi kuno ku Mchinji ili ndi mphindi 30 pa wailesi Lachinayi lililonse madzulo. Alimi amatumiza mauthenga pa nambala ya kalabu, foni imawapatsira ku laputopu, woulutsa amawerenga pomwepo. Chaka chatha wina anatukwana gulupu wa kwawo, woulutsa anazindikira atafika kale pakati pa uthengawo. Ndiye mphwanga amene akuphunzira ku Lilongwe anandilembera sefa mu Python. Ili ndi mndandanda wa mawu 40 oipa, uthenga ukakhala ndi limodzi mwa mawuwo kapena nambala ya foni, sufika kwa woulutsa.

Lachinayi lapitali tinalandira mauthenga 212, sefa inatsekereza 61. Nditawawerenga mmawa mwake ndinapeza kuti oipadi anali 9 okha. Enawo ndi alimi ofunsa za mtengo wa soya ndi mtedza, ambiri akuti "alangizi ayankhule za mbewu yabodza". Palibe chotukwana pamenepo. Pomwe uthenga wa sing'anga wochulukitsa ndalama unadutsa bwinobwino chifukwa nambala yake anailemba motalikitsa manambala. Alimi ayamba kundinena kuti ndimakondera a kwathu. Mphwangayo ali pa mayeso. Ndichotse sefayi kapena ikhoza kukonzeka?

Wa ma foni pa Boma

Achemwali, mndandanda wanu ndi waufupi. Mawu 40 ndi chiyani? Onjezerani afike 300, muikemo ndi achingerezi omwe. Komanso anthu amalemba g a l u motalikitsa, ndiye uzani sefayo izichotsa mipata yonse isanayambe kufufuza.

Mphunzitsi wa kompyuta, Kasungu

Musachotse, mayi, koma musawonjezerenso mawu pakadali pano. Ndikufunseni kaye: pa mndandandawo pali mawu oti hule?

Mlembi wa kalabu, Kamwendo

Alipo aphunzitsi, nambala 3.

Mphunzitsi wa kompyuta, Kasungu

Ndiye wakuba tamugwira. Lembani "ayankhule" papepala, muphimbe ndi chala zilembo zisanu zoyambirira. Chatsala n'chiyani? Sefa yanu sikuwerenga mawu, ikungoyang'ana ngati zilembo zinayizo zatsatana paliponse. Ndiye chule wagwidwa, "muphule nsima" wagwidwa, aliyense wopempha kuti wina alankhule wagwidwa. Ngati muli ndi galu pa mndandanda, "kugalukira" sikudutsa. Ngati muli ndi nyani, "ponyani" ndi "phwanyani" sakudutsa. Vutoli si lathu lokha. Mu 1996 anthu a tauni ya Scunthorpe ku Mangalande ankakanidwa kutsegula akaunti pa kampani ya intaneti ya AOL chifukwa pakati pa dzina la tauni yawo pali mawu otukwana achingerezi. Kungoti Chichewa chimalumikiza tizidutswa tambiri m'mawu amodzi, ndiye ife timagwa m'dzenje limeneli kawirikawiri.

Mankhwala ake ndi kuuza sefa kuti mawuwo ayambire poyambira mawu ndipo athere pothera mawu. Koma mukangotero basi, "mahule" ndi "kahule" ayamba kudutsa. Choncho mumatchula nokha timitu tololedwa kutsogolo kwake:

```
re.search(r"\b(ndi)?(ma|ka|ti|chi|zi|u)?hule\b", uthenga)
```

Chizindikiro cha `\b` ndiye malire a mawu. Apa "ndihule" ndi "mahule" agwidwa, chule ndi "ayankhule" adutsa. Mawu aliwonse pa mndandanda wanu afunika mzere wawo wotere. N'chifukwa chake mawu 300 a achimwene a pa Boma sindikuwavomera. Ndani ati akhale pansi kuganizira timitu ta mawu 300? Ndipo mukachotsa mipata yonse, malire aja apita nawo, uthenga wonse wasanduka liwu limodzi lalitali, mubwereranso kufufuza zilembo zotsatana paliponse, "ayankhule" wagwidwanso.

Wa ma foni pa Boma

Chabwino aphunzitsi, pa mipata ndagonja. Koma g a l u uja mumugwira bwanji? Ine ndimawaona anthu awa tsiku lililonse, amalembanso huuule, garu, ch1tsiru.

Mphunzitsi wa kompyuta, Kasungu

Apo mwanena zoona, ndipo r ndi l ndi nkhani yaikulu. Kwathu kuno munthu mmodzi yemweyo alemba chitsiru lero, chitsilu mawa. Sefa isanafufuze, ipange kope la uthengawo: zilembo zonse zikhale zazing'ono, r aliyense asanduke l, zilembo zobwerezabwereza zitsale chimodzi.

```
kope = uthenga.lower().replace("r", "l")
kope = re.sub(r"(.)\1+", r"\1", kope)
```

Kumbukirani kuti mndandanda nawonso ulembedwe ndi l, apo ayi chitsiru sichipezekanso. Woulutsa aziona uthenga weniweniwo, osati kopelo. Chenjezo lina, nambala za foni muzifufuze musanachite zimenezi, chifukwa mzere wachiwiriwo ufinya 0999 kukhala 09. Kwa manambala okha ndiye chotsani mipata ndi timizere ta pakati pawo, kenako muone ngati pali manambala 10 oyamba ndi 08 kapena 09, kapena oyamba ndi 265. Sing'anga wanu uja agwidwira pamenepo. Za g a l u musavutike kumasulira. Zilembo zinayi kapena kuposa zitaima chimodzichimodzi, uthengawo upite kwa munthu akauone. Mlimi wofunsa za feteleza salemba choncho.

Gogo wa ku Kapiri

Ana inu, inenso foni yanga ikumalandira mauthenga oti ndawina njinga yamoto, nditumize ya mayendedwe. Sefa imeneyi mungandiikire pa foni? Ndi ya mabatani.

Mlembi wa kalabu, Kamwendo

Pepani agogo, iyi ndi ya pa laputopu. Musatumize ndalamazo, ingofufutani.

Aphunzitsi, ndayesa usiku uno ndi mauthenga 61 aja. Amene akutsekerezedwabe ndi 27. Koma mwa iwo muli bambo wofunsa katemera wa galu wachiwewe, anayi ofunsa mtengo wa mbuzi pa msika wa Kamwendo, ndi alimi angapo amene aika nambala zawo kuti ogula mtedza awayimbire. Mbuzi ndiichotse pa mndandanda? Nanga akati "mbuzi iwe"?

Mphunzitsi wa kompyuta, Kasungu

Apa ndiye pofunika kuti sefa isiye kuweruza yokha. Panopa ili ndi zitseko ziwiri, kudutsa kapena kutayidwa. Ikani chachitatu, mzere wodikira munthu. Uthenga uliwonse uzitola mapointi.

Mawu amene alibe ntchito ina kupatula kutukwana, mukuwadziwa, sindiwalemba pano, apatseni 4. Mbuzi, galu, nyani ndi fisi paokha asatole kanthu pa pologalamu ya ulimi. Atole 3 akagundana ndi iwe, ndiwe, inu kapena ndinu. Nambala ya foni itole 1 yokha. Wotumiza amene simunamuonepo, 1. Mawu a akathyali monga "mwawina" ndi "tumizani ndalama", 2. Uthenga wofanana ndendende ukachokera ku nambala zitatu mu ola limodzi, 2. Pomaliza, wa 0 kapena 1 udutse, wa 2 kapena 3 udikire pa mzere, wa 4 kupita m'mwamba usungidwe pambali.

Tiyese. Membala wanu wakale walemba kuti ali ndi matumba 15 a mtedza, waika nambala. Pointi imodzi, wadutsa. Mlendo walemba zomwezo, mapointi awiri, mumuyang'ana kwa masekondi asanu n'kumulola. Wina walemba "mwawina feteleza tumizani ndalama pa nambala iyi" ndipo simukumudziwa: 2 ndi 1 ndi 1, zakwana 4, woulutsa samuona n'komwe. Bambo wa galu wachiwewe alibe pointi.

Manambalawa si malamulo a Mose, ndi poyambira. Mauthenga 212 aja muwalembe nokha pamanja kuti uwu ndi wabwino, uwu ndi woipa. Mukasintha chilichonse, apititseninso onse mu sefa n'kuwerenga zinthu ziwiri: abwino angati agwidwa, oipa angati adutsa. Mukamangoyang'ana chimodzi mudzinamiza. Ndipo a pambali aja musawafufute, muziwapenya kamodzi pa sabata. Mukanawafufuta, "ayankhule" simukanamudziwa mpaka lero.

Namwino wopuma, Mkanda

Ine za mapointi sindizitsata, koma mzerewo ndikuudziwa. Tinali ndi bokosi la madandaulo kuntchito, loti wina azitsegula Lachisanu. Linadzaza mpaka chiswe chinadya. Mayi, pologalamu yanu ndi ya mphindi 30. Pa mzere pakakhala mauthenga 40, inu muli nokha, mukuyankhanso foni, afika kwa woulutsa nthawi itatha. Kwa mlimi, kudikira kumeneko n'chimodzimodzi kutayidwa.

China. Uthenga umene ungakupalamulitseni ulibe mawu otukwana. Wina alemba mwaulemu kuti mayi akutiakuti a m'mudzi wakutiwakuti ndi amene akumanga mvula. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la za ufiti la 1911, ndipo tonse tikudziwa zimene zimawachitikira okalamba akatchulidwa choncho. Sefa yanuyo iona chiyani pamenepo?

Mphunzitsi wa kompyuta, Kasungu

Siiona kanthu, mayi, mwalasa. Mfiti, ufiti, kulodza, kumanga mvula, mbava, anaba, onsewa apite pa mzere nthawi zonse. Koma wolemba mozungulira adutsabe, ndiye woulutsa asasiye kuwerenga chamumtima asanatsegule pakamwa. Za kutalika kwa mzere, ukamapitirira 20 pa mauthenga 200, mapointi akhwima kwambiri. Wotumiza amene mwamulola kawiri kapena katatu asamatolenso pointi ya mlendo, mzere uphwa wokha pakapita masabata.

Wa ma foni pa Boma

Koma wodziwikayo ndi amene amatukwana akakwiya. Komanso foni imodzi kumudzi amagwiritsa anthu asanu. Ine ndikanati wosayang'anidwa pofika mphindi 10 azingodutsa, poti ambiri ndi abwino.

Namwino wopuma, Mkanda

Ayi achimwene. Wodutsa yekhayo ndiye adzakhale wa mvula uja. Adikire Lachinayi linalo.

Mlembi wa kalabu, Kamwendo

Lachinayi linalo mtengo wa mtedza wasintha kale, amayi, apo ndiye pondivuta. Ndaika mapointi aja. Pa 212, odutsa ndi 181, pa mzere 23, pambali 8. Mwa oipa 9 aja, 7 ali pambali, awiri pa mzere, ndipo sing'anga uja ali pa mzere. Wachisanu ndi chitatu wa pambali ndi mlimi wachilendo wa cha ku Mwami amene anaika nambala n'kulemba kuti "tumizani ndalama zathu za soya", akudandaula vendala amene sanamulipire. Sefa yamuyesa kathyali. Nditsitse "tumizani ndalama" ifike pa pointi imodzi, kapena akathyali enieni apezerapo mpata? Za mphindi 10 ndikambirana ndi apampando Lachitatu, mwina msungichuma angakhale nane pa laputopu.