Ndithandizeni kalata yopita kwa pulambala

Abale anga, ndithandizeni kukonza kalatayi. Ndikufuna kulowetsa madzi m'nyumba yanga kuno ku Ulongue, kuchokera pa mita kufika kubafa ndi kukhitchini. Pulambala wabwera, waona, kenako wangotchula mtengo umodzi pakamwa, zipangizo ndi ntchito pamodzi, ndiye ine sindikudziwa kuti za mapaipi ndi zingati za manja ake ndi zingati. Ndalemba chonchi:

"Bambo, zikomo pobwera kudzaona ntchito ija. Chonde mundilembere kotesheni papepala. Mbali yoyamba ikhale ya zipangizo, chilichonse pamzere wake: mapaipi a madzi saizi yake ndi mamita angati, ma PVC otulutsa madzi oipa, maelubo, matepi, guluu, komanso mtengo wa chimodzi mu metikali. Mbali yachiwiri ikhale ya ntchito: kukumba ngalande, kuswa khoma ndi kumatanso, kumanga toileti ndi sinki. Mulembenso masiku a ntchitoyo ndiponso kuti mitengoyi ikhala osasintha mpaka liti. Musaine ndi kuika deti."

Chandivuta ndi ichi, thiransipoti ya katundu ilowe mbali iti? Nanga simenti yomatira khoma agula ndani, poti zimenezi ndi zomwe anthu amakanganirana ntchito ili pakati. Komanso ndikufuna alembe kuti pakadontha tikatsegula madzi adzakonza osalipiritsanso, ndinene bwanji mwaulemu kuti asaone ngati ndikuwakayikira? Ndi munthu wamkulu ndipo ntchito yawo anthu amaiyamikira.