Mkaka wa venda wanga wasintha, ndingadziwe bwanji ngati akuthiramo madzi kapena ufa?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi katiyirumu pa Nkhotakota boma, ndipo kwa chaka ndi theka ndakhala ndikugula mkaka kwa bambo ena amene amabwera pa njinga mmawa uliwonse, malita 5 m'chigubu. Masabata atatu apitawa mkaka wasintha. Kale ndikawiritsa n'kuusiya kuti uzizire, pamwamba pankayala mafuta okhuthala oti ndinkachita kuwaula ndi supuni. Pano ndi kakhungu kopyapyala basi. Chodabwitsa n'chakuti mkakawo suoneka wamadzimadzi ayi, ndi woyera bwinobwino, koma pansi pa sefuliya pakutsala zomata ngati zotsalira za phala, ndipo ukupserera msanga. Makasitomala awiri andiuza kale kuti tiyi sakukoma ngati kale. Sindikufuna kuwanamizira bambowa chifukwa sitinayambanepo, komanso sindingamagulitse chinthu chimene sindikuchidziwa. Pali njira yoyezera kukhitchini konkuno, popanda makina? Ndithandizeni chonde.

Bambo a Chisomo: Mayi, tengani mbale yachitsulo yosalala kapena galasi, ipendekeni pang'ono, mudonthezepo dontho limodzi. Mkaka weniweni umatsika pang'onopang'ono n'kusiya mzere woyera m'mbuyo. Wa madzi umangothamanga osasiya kanthu. Agogo anga ankayesera pa chikhadabo. Ikakhala njira imeneyi simunganamizidwe.

Anaphiri a ku Benga: Ine wanga ndikausiya kuti ukhale chambiko pamatuluka madzi ambiri achikasu pamwamba. Ndiye kuti nanenso akundibera?

Mlangizi wopuma: Anaphiri, ayi, musawakwiyire ogulitsa anu pa chifukwa chimenecho. Mkaka wa ng'ombe pawokha uli ndi madzi pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse, ndiye ukasasa zolimba zimapatukana ndi madziwo. Chambiko chilichonse chimatero.

Mayi Nachisale, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri ndi magulu a alimi a ng'ombe za mkaka, ndipo zimene mwafotokozazo ndazionapo. Njira ya bambo a Chisomo ndi yoona koma imagwira munthu amene wathira madzi ochuluka zedi, komanso madzi okhaokha. Vuto lanu likuoneka lina. Wothira madzi amadziwa kuti mkaka upyapyala, ndiye ena amakandira ufa wa kondowole pang'ono m'madzi, kapena kutenga madzi otsanula pa mpunga, kuti kuyera ndi kukhuthala kubwerere. Kwanuko chinangwa ndi mpunga sizisowa. Mkaka wotere pa mbale yopendekeka umatsika mwaulemu ndithu n'kusiya mzere woyera, inu n'kukhulupirira.

Ufa ndi umene uli wosavuta kuugwira. Pitani ku famase mukagule kabotolo ka ayodini, mankhwala abulauni aja opaka pa chilonda. Tengani masupuni aang'ono awiri a mkaka, muwiritse, kenako muusiye uzizire mpaka kufika poti chala sichikumva kufunda. Thirani m'tambula yagalasi kapena m'kambale koyera, mudonthezemo madontho atatu kapena anayi a ayodini, n'kugwedeza. Ngati mulibe ufa, mkakawo umangosanduka wachikasu kapena wabulauni pang'ono, ndipo mtunduwo umazilala. Ngati muli ufa wa chinangwa, wa chimanga kapena madzi a mpunga, umasanduka wabuluu, nthawi zina mpaka kuderako ngati inki. Mkaka wa ng'ombe mwachibadwa ulibe sitachi, chinthu cha mu ufa chimene chimabweretsa buluuyo, ngakhale pang'ono, choncho buluu akaoneka ndiye kuti chinachake chinalowamo. Mkaka woyezerawo mutaye, asamwe munthu.

Che Mdala wa ku Linga: Mankhwala ake si jivi uja timapaka ana pa zilonda? Ameneyo ali nayo kale aliyense m'nyumba, palibe chogulira.

Mlangizi wopuma: Ayi achimwene, jivi ndi mankhwala ena. Iyeyo ndi wapepo kale, ndiye mkaka uliwonse umene mungamudonthezere usanduka wapepo, wabwino ndi woipa yemwe. Mungathe kumuyalutsa munthu wosalakwa. Pa botolo payenera kulembedwa Iodine, kaya Tincture of Iodine kapena Povidone Iodine, ndipo madzi ake akhale abulauni. Mchere wa ayodini wa kukhitchini nawonso sugwira ntchito imeneyi.

Nachisale: Zikomo bambo. Ndakagula masana ano, ndayesa pa mkaka wa mmawa uja. Palibe chachitika, wangochita chikasu. Ndiye kuti ndimawaganizira zoipa pachabe?

Mlangizi wopuma: Munayesa uli wozizira?

Nachisale: Ndinautenthetsanso kaye ndipo ndinathira uli wotentha, ndimathamangira makasitomala.

Mlangizi wopuma: Pamenepo ndi pamene palakwika. Buluu wa ayodini ndi sitachi saoneka pa moto, amabwera zinthu zikazizira. Chinanso, mkaka umameza ayodini woyambirira, ndiye ngati mwathira dontho limodzi lokha m'kapu yodzaza simuona kanthu. Mkaka ukhale wochepa, madontho akhale okwanira.

Ndipo chitani motere kuti maso anu akhale ndi poyerekeza. Ikani matambula atatu. M'yoyamba muthire mkaka wa venda wanu. M'yachiwiri mkaka wa m'paketi wa m'sitolo, wosathira zokometsera. M'yachitatu mkaka wa m'paketi womwewo koma mutauwiritsa ndi kaufa ka kondowole kotsina ndi zala ziwiri. Zonse zizizire, zonse zilandire madontho ofanana. Yachitatu iyenera kuchita buluu. Ikapanda kutero ndiye kuti ayodini wanuyo ndi wakale kapena wasuluka, ndipo mayeso onse agwa. Yachiwiri ikhale yachikasu. Kenako muone kuti yoyamba yatsamira kuti.

Musanatunge woyezera, khutchumulani chigubu. Ufa wosaphika umakhazikika pansi, makamaka chigubu chikakhala kanthawi, ndipo wa pamwamba ukhoza kutuluka woyera mlandu pamene wapansi ndi umene ukumata sefuliya yanu.

Mai Tadala, Dwangwa: Ine ndimangoyeza pa sikelo yanga ya makeke. Mkaka ndi wolemera kuposa madzi, ndiye lita ikapepuka ndimadziwa.

Mphunzitsi wa sayansi: Mayi, ganizo lake ndi lolondola koma sikelo ya kukhitchini singakwanitse. Lita ya madzi ndi magalamu 1000, lita ya mkaka ndi pafupifupi 1030. Munthu akathira madzi gawo limodzi pa magawo 10, lita imalemera 1027. Kusiyana kwake ndi magalamu 3, kuchepera supuni yaing'ono imodzi. Mukangopyola mzere wa jagi pang'ono, kusiyanako kwatha kale.

Nachisale: Ndabwereza monga mwanenera, ndi matambula atatu, ndi mkaka wa lero umene ndinatunga nditakhutchumula. Ya kondowole yachita buluu woderako nthawi yomweyo. Ya m'paketi yachikasu. Ya venda wanga yachita buluu wotuwa, osati kwambiri ngati yachitatu, koma mwana wanga amene sanadziwe kuti tambula iti ndi iti waloza yomweyo. Mtima wandipweteka kwambiri, chifukwa bambowa ndimawapatsa ndalama za sabata yonse patsogolo.

Mlimi wa ng'ombe, Salima: Pepani mayi. Koma ndiloleni ndiyankhulireko ife okama. Si onse obweretsa mkaka pa njinga amene ali ndi khola. Ambiri amagula kwa alimi awiri kapena atatu n'kuphatikiza m'chigubu chimodzi, ndiye wothira ufa akhoza kukhala wina kumudzi, venda osadziwa. Chachiwiri, zigubu zathuzi zimasenza zambiri. Chigubu chimene dzulo munali thobwa, chikatsukidwa mwachisawawa, ayodini wanuyo achita buluu ndithu. Ndi uve umenewo, sindikuikira kumbuyo, koma si kuba.

Za mafuta kuchepa musafulumirenso. Ng'ombe zathu zachikuda zimatulutsa mkaka wochepa koma wamafuta, pamene za Friesian zimatulutsa wambiri wopyapyalako. Venda akasintha khola, inu muona kusintha. Ngakhale pa ng'ombe imodzi, mkaka woyamba kukama ndi wopyapyala, wotsiriza ndi umene uli ndi mafuta. Amene amasiyira thole wotsirizawo amagulitsa mkaka wopanda mphamvu popanda kuthiramo dontho la madzi.

Mlangizi wopuma: Alimi anena zoona, ndipo n'chifukwa chake tsiku limodzi silikwanira. Yesani masiku anayi kapena asanu otsatizana. Thobwa la m'chigubu silingaonekere tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu, komanso silingamate sefuliya ya malita 5.

Za madzi zokha ndiye zovuta, ndipo ndisakunamizeni kuti kukhitchini kuli njira yotsimikizika. Kumagulu osonkhanitsa mkaka amagwiritsa ntchito lakitomita, kagalasi kooneka ngati choyezera kutentha thupi koma kokhala ndi mimba, kamene kamayandama mumkaka. Mkaka wabwino umawerenga pakati pa 26 ndi 32. Tinene kuti wa ng'ombe ina ukuwerenga 30. Wina akatenga malita 4 n'kuthira lita imodzi ya madzi kuti akwanitse malita 5 anuwo, kawerenga 24, wagwidwa. Koma akathira theka la lita m'malita 4 ndi theka, kawerenga 27, wadutsa. Ndipo ufa, shuga kapena mchere zimakweza nambala ija, n'chifukwa chake lakitomita iyenera kuyenda limodzi ndi ayodini. Kutentha kwa kunyanja kuno kumasokonezanso: zoyezera zambiri zinapangidwira mkaka wa madigiri 20, ndiye pa madigiri 30 muziwonjezera 2 pa nambala imene mwawerenga. Onani zimene zalembedwa pa kagalasiko, chifukwa si zonse zofanana. Mufunse m'masitolo a mankhwala a ziweto kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu.

Pamene mulibe lakitomita, wiritsani mkaka mulingo umodzimodzi tsiku lililonse, thirani m'tambula yomweyomweyo, ndipo pakatha maola ofanana muone kukhuthala kwa mafuta apamwamba, n'kuika chizindikiro pa galasi. Sikuuzani kuti madzi ndi angati, koma ikuonetsani tsiku limene zasintha. Ndipo uliwonse umene mwagula uziwira mpaka kufufuma musanapatse munthu, chifukwa madzi othirawo simudziwa ngati ndi a pa mjigo kapena a m'dambo.

Bambo a Chisomo: Ine ndikanakhala inu ndikanayezera pamaso pawo, pa khonde pomwepo, anthu akuona.

Mlimi wa ng'ombe, Salima: Pa anthu ayi. Aitanireni kukhitchini, muli awiri. Ngati sakudziwa, akuthandizani kupeza khola lake, atenge mkaka wa mlimi aliyense m'botolo lakelake. Ngati akudziwa, mawa lake buluu asowa yekha.

Nachisale: Buluu akasowa ndiye ndidzatsala ndi funso la madzi, limene ayodini sangandiyankhe. Lero ndi tsiku lachitatu ndipo wachitanso buluu wotuwa uja. Mawa ndiwapempha kuti abweretse m'mabotolo osiyana monga mwanenera. Kodi alipo pagulu pano amene akudziwa kumene ndingapeze lakitomita ku Salima kapena ku Dwangwa, ndi mtengo wake?