Puleshakuka akutaya nthunzi m'mbali, labala ndi watsopano

Wophika kukhitchini ya pasukulu: Anzanga ophika, ndithandizeni maganizo. Puleshakuka wathu wa malita 10 akutaya nthunzi m'mbali mwa chivundikiro, ndipo kawezulo ka pamwamba sikakulira ngakhale moto ukhale waukulu. Madzi akumadontha mbali imodzi. Labala wa m'kati mwa chivundikiro ndasintha posachedwa koma palibe chasintha.

Mayi a kulesitilanti: Achimwene, mpakeni mafuta ophikira labalayo. Wanga akayamba zimenezi ndimangopaka, basi wagwira.

Wokonza mapoto: Amayi, mafuta amathandiza kuti chivundikiro chitsekeke mosavuta, koma satseka mpata. Komanso malabala ena akamapakidwa mafuta kawirikawiri amafufuma n'kutalika, kenaka amapindika potseka. Achimwene, musanagule china chilichonse yesani izi. Thirani makapu awiri a madzi okha, tsekani, ikani pamoto. Nthunzi ikayamba kutuluka, lembani chizindikiro pachivundikiro pamalo omwe ikutulukirapo. Phulani, dikirani azizire, tsegulani, ndipo muzungulitse labala kuti mbali imene inali pachizindikiro ipite tsidya lina. Bwezerani pamoto. Ngati nthunzi yasamuka, vuto ndi labala. Ngati ikutulukirabe pachizindikiro pomwepo, labala alibe mlandu, vuto lili pamlomo wa poto kapena pachivundikiro.

Wophunzira ntchito: Wathunso amatulutsa nthunzi pafupi ndi chogwirira akangoyamba kuwira. Ndiye kuti naye wafa?

Wokonza mapoto: Ayi, ngati imasiya pakapita mphindi zochepa. Pamenepo pali kapini kokhoma chivundikiro. Kamayamba katulutsa mpweya, pulesha ikakwera kamadzuka n'kutseka. Kakakana kudzuka, kawirikawiri kamakhala kamatidwa ndi zotsalira za chakudya, ndiye mukatsuke mpaka kazisewera mukakagwedeza ndi chala.

Wophika kukhitchini ya pasukulu: Ndayesa bambo. Nthunzi sinasunthe. Nditayendetsa chala pamlomo wa poto ndamva kokumbika pamalo omwewo, pomwe anyamata amakonda kugogoda chipande akamaomola.

Wokonza mapoto: Ndi pamenepo. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo mlomowo ndi umene labala amakanikizapo. Kakakhala kokanda chabe, sandipepala wosalala amafafaniza. Koma ngati mlomo wapindika, ine sindiwongola ndi hamala. M'kati mwa poto ameneyu kutentha kumafika cha m'ma digiri 120, ndipo chitsulo chomenyedwamenyedwa sindingachidalire pamenepo. Gonekani rula pamlomo, muone ngati kuwala kukudutsa pansi pake.

Mayi a kulesitilanti: Apa ndiye tisiyana bambo. Wanga anawongoledwa kale ndipo akugwirabe ntchito. Si aliyense angataye poto wamkulu chifukwa cha kamalo kamodzi.

Wokonza mapoto: Ena amapulumukadi amayi, sindikana. Ine ndekha sindingampatse munthu woti aziima pambali pake tsiku lonse.

Mkulu wa khitchini ya pachipatala: Ine chandidetsa nkhawa ndi moto waukuluwo. Poto wotaya nthunzi amatha madzi msanga, akauma labala amapsa ndipo pansi pamapindika. Chinanso achimwene, mwati kawezulo sikakulira. Mwina ndi kutayako, koma muonenso kapaipi kamene kawezuloko kamakhalapo. Chotsani kawezulo, lozetsani chivundikiro kowala, musuzumire. Ngati simukuona kuwala, tokosani ndi kawaya kowonda, osati kamtengo ka machesi chifukwa kakhoza kuthyokera m'kati. Kwathu timasuzumira nthawi iliyonse tisanatseke. Zophika zochita thovu, monga nyemba zouma, sitipyola nazo theka la poto, zina zonse tilekeza pa magawo awiri mwa atatu. Thovu ndi limene limatseka kapaipi. Ndipo valavu yotetezera ya pachivundikiro, imene imatulutsa nthunzi kapaipi kakatsekeka, ikaphulika, gulani ina yofanana nayo. Ndinaonapo wina atatseka bowolo ndi bawuti, mtima unandisiya.

Labala timamuchotsa tikatha kuphika, kutsuka ndi madzi ofunda a sopo pamodzi ndi ngalande yomwe amakhalamo, n'kumuumitsa. Posunga timagadamitsa chivundikiro pamwamba pa poto osakhoma, kuti labala asakhale wofinyika usiku wonse. Akayamba kuuma, kuchita ming'alu kapena kunanda, watha.

Wophunzira ntchito: Nanga anthu akudikira chakudya, sindingangonyamula kawezulo ndi foloko kuti nthunzi ithe msanga?

Mkulu wa khitchini ya pachipatala: Osakachotsa pakadali pulesha, mwana wanga. Ngati muli za thovu, msuzi wowira udzatuluka ndi nthunziyo. Zimitsa moto, udikire mphindi 10 mpaka 15, poto wamkulu atha kupitirirapo. Ukafulumira, poto wa pamoto umamuthira madzi ozizira m'mbali mwa chivundikiro, osati pakapaipi. Wamagetsi ayi, usayerekeze. Kapini kakatsika, gwedeza kawezulo pang'ono. Kukakhala zii, tsegula uku chivundikiro chikutchinga nkhope yako. Chikakana kuzungulira, usachikakamize, pulesha ikadalimo.

Wophika kukhitchini ya pasukulu: Kapaipi n'koyera. Rula ikuonetsa kampata kakang'ono kwambiri, kokwana pepala limodzi. Kameneka sandipepala angathe, kapena ndiwauze akuluakulu za poto wina?

Wokonza mapoto: Tumizani chithunzi chojambulira chammbali, rula ili pomwepo. Pakadali pano muziphikamo ndi chivundikiro wamba.