Chipinda chatha ku Luwinga, lendi ndiike zingati?

Mayi Chirwa: Mwaswera bwanji eninyumba anzanga. Chipinda chija ndinkamanga kuseri kwa nyumba yanga ku Luwinga chatha sabata yatha. N'chimodzi, cha njerwa zootcha, pansi simenti, silingi mulibe koma magetsi alimo. Bafa ndi chimbudzi n'zapanja, tigwiritsa ntchito limodzi. Zonse ndinkalemba m'kope, kuyambira njerwa, simenti, malata, matabwa, chitseko, mawaya mpaka malipiro a mmisiri, ndipo zakwana K3,600,000. Mwana wanga akuti tigawe ndi miyezi 36 kuti ndalama ibwerere pa zaka zitatu, ndiye kuti K100,000 pamwezi. Koma oyandikana nawo zipinda zawo akuchititsa K40,000. Ndaima pakati, ndithandizeni.

Bambo Mhango: Mayi, K100,000 chipinda chimodzi chopanda silingi? Mugonamo nokha. Ingofunsani anzanu atatu a mumsewu wanuwo, mtengo umene anene inunso ndi womwewo. Masamu enawa ndi ongopweteketsa mutu, wofuna nyumba safunsa kuti simenti munagula zingati.

Bambo Gondwe: A Mhango anena zoona kuti wolowa m'nyumba salipira simenti yanu, amalipira zimene akuziona poyerekeza ndi chipinda cha pakhomo lina. Koma masamu musawataye mayi Chirwa. Mtengo wa aneba ukukuuzani pamene simungapitirire. Masamu anu ndi amene akuuzeni ngati pa mtengo umenewo mukudya phindu kapena mukudya khoma lanu lomwe. Ine ndili ndi zipinda zisanu ku Chibavi, ndipo zaka ziwiri zoyamba ndinkaona ngati ndikupeza bwino, mpaka tsiku limene chimbudzi chinadzaza ine m'thumba mulibe kanthu.

Choyamba chotsani maganizo a zaka zitatu. Chipinda si matumba a chimanga oti mugule lero mugulitse mu Januwale. Chimenecho chikamangidwa bwino chidzakhalapo inu mutakalamba, ndiye chipatseni zaka 10. K3,600,000 kugawa zaka 10 ndi K360,000 pachaka. Imeneyo ndiyo ndalama yoti chipinda chizikubwezerani chaka chilichonse pa zimene munamangira.

Ndifunseko: pansi munaika pepala lakuda lija musanathire simenti? Nanga khoma lakunja ndi la pulasitala?

Mayi Chirwa: Pepala anaika pa fandeshoni pokha. Kunja sitinapake pulasitala, ndalama inathera panjira.

Bambo Gondwe: Ndiye ndalama yokonzetsera muiwerengere mokwanira. Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, anzathu kumwera akukolola ife ikadali kuwaza. Khoma lopanda pulasitala limamwa madzi, mukaona m'kati penti watupa m'munsimu ngati chikanga, ndi nkhungu yakuda pakona kuseri kwa bedi. Munthu akatuluka simungalowetse wina musanapakenso.

Ine pa chipinda ngati chanucho ndingaike pambali chonchi pachaka. Penti ndi womupaka K35,000. Loko, galasi la pazenera, soketi yopsa ndi tina totere K20,000, chifukwa wotuluka aliyense amapita ndi kiyi mmodzi ndipo loko mumasintha basi. Gawo la chipindachi pa kupopetsa chimbudzi K15,000, poti anthu achuluka pakhomo ndipo dzenje lidzaza msanga kuposa kale. Kenako K20,000 yongosunga, ya tsiku limene lata lidzayambe kudontha pa msomali kapena pansi padzang'ambike. Zonse K90,000. Mitengo yake mukaione nokha ku hadiweya, ine ndangoyerekeza, koma mitu yake ndi imeneyo.

K360,000 kuphatikiza K90,000 ndi K450,000 pachaka. Tsono apa ndi pamene ambiri timagwera. Timagawa ndi 12, n'kupeza K37,500, n'kumasangalala kuti pa K40,000 tili pamwamba. Koma chipinda sichilipira miyezi 12. Wina atuluka pa 30, inu mupake penti, penti aume, muuze anthu, abwere atatu kudzaona n'kunena kuti tibweranso. Mwezi wapita. Wina adwala kapena ntchito yamuthera, akupemphani kuti mumudikire, kenako asamuka usiku. Mwezi winanso wapita. Ine ndimawerengera miyezi 10 yolandira ndalama. K450,000 kugawa 10 ndi K45,000. Mukanaika K37,500 ija n'kulandira miyezi 10, pakutha pa chaka mukanaperewera K75,000 osadziwa kumene yalowera.

Nyakaunda: Pepani ndilowererepo. Inenso wanga ku Mchengautuwa anathawa ndi miyezi iwiri, anasiya matiresi ong'ambika ndi mbaula. Kodi katunduyu ndingagulitse kapena ndipite kaye kwa amfumu?

Bambo Mhango: Asisi, imeneyo ndi nkhani ina, koma musagulitse nokha. Kauzeni a buloko lida alembe zimene zatsala pali mboni. Tibwerere kwa mayi Chirwa.

Mayi Chirwa: Bambo Gondwe ndamva, ndipo ndalemba. Koma ndiye mwandipatsa K45,000 pamene aneba ali pa K40,000. Munthu adzasiya cha K40,000 n'kubwera kwa ine chifukwa chiyani?

Bambo Gondwe: Funso lake ndi limenelo. Pitani mukazione zipinda za K40,000 zo ndi maso anu, musangomva. Ngati zawo n'zakale, pansi pokumbika, chimbudzi cha mabanja asanu, chanu chatsopano chikhoza kupeza wa K45,000. Ngati zikufanana, musalimbane nawo. Taonani: K45,000 kwa miyezi 10 ndi K450,000. K40,000 kwa munthu wokhazikika amene wakhala chaka chonse ndi K480,000, ndipo chaka chimenecho simupaka penti kapena kusintha loko. Kukakamira K5,000 yapamwamba n'kusiya chipinda chili chotseka mwezi umodzi, mwataya ndalama imene K5,000 yo ikanatenga miyezi 8 kuti ibweze. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma dziwaninso mbali inayo. Mukaika K40,000 ndipo miyezi iwiri ija n'kukhaladi yopanda munthu, mwalandira K400,000, kuchotsa K90,000 yokonzetsera kwatsala K310,000. Ndalama yanu yomangira idzabwerera patatha zaka 11 ndi miyezi ingapo, osati 10. Si tsoka ayi, bola mukudziwa kuti mwasankha zimenezo.

Achimwene Jere: Madala, masamu anuwo ndi a dziko limene ndalama imagona malo amodzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K360,000 ya chaka chino ndi K360,000 ya zaka 10 zikubwerazi sizidzagula matumba a simenti ofanana. Ine ndimati lendi iziwerengedwa pa mtengo womangira chipinda chomwecho lero, chaka ndi chaka. Simenti ikakwera, lendi ikwere mwezi womwewo.

Bambo Gondwe: Theka loyambalo ndikugwirizana nanu achimwene. Masamuwa si olemba kamodzi n'kutseka kope, chaka chilichonse muwabwereze ndi mitengo yatsopano, makamaka K90,000 ija chifukwa ndi imene mumakagula nayo zinthu kusitolo. Koma zoti simenti ikakwera lendi ikwere mwezi womwewo, ayi. Malipiro a munthu wanuyo sakwera tsiku limene simenti yakwera. Ine ndinayesapo, ndinakweza zipinda zitatu nthawi imodzi, awiri anatuluka, ndinakhala miyezi iwiri ndikusesa zipinda zopanda anthu. Panopa ndimakweza kamodzi pachaka, ndimanena pakadali miyezi iwiri, ndipo zimenezi ndimalemba pa pepala la mgwirizano tsiku lolowa kuti pasadzakhale kudabwa.

Achimwene Jere: Kamodzi pachaka mukutsalira m'mbuyo madala. Komanso simunawerengere malo. Puloti ku Luwinga ndi ndalama.

Mayi Chirwa: Malowo ndi a pakhomo panga pomwe, panali khola la nkhuku. Sindinagule padera.

Achimwene Jere: Nkhukuzo sizinkabweretsa ndalama?

Bambo Mhango: Jere, usiye nkhuku za mayi. Ine langa ndi ili: muli pafupi ndi Mzuni, bwanji osaika mabedi awiri mulowetse ana asukulu, aliyense K30,000? Ndi K60,000 imeneyo pamwezi, nkhani yatha.

Mayi Nyirenda: Ana asukulu ndimasunga ine, ndiye ndiyankhe. Ndalama yake imaoneka yambiri koma muziwerenga miyezi 8 kapena 9, chifukwa akatsekera amapita, ndipo kalendala ikasintha inu mulibe chonena. Ena amapempha kusiya katundu pa holide osalipira, chipinda chatsekeka, simungaikemo wina. Ine ndimawauza kuti wosiya katundu alipira theka. K60,000 kwa miyezi 8 ndi K480,000, chimodzimodzi ndi munthu mmodzi wa K40,000 wokhala chaka chonse, koma apa mwagula mabedi, matiresi ndi tebulo, ndipo anthu awiri amawononga kuposa mmodzi. Ikakwana miyezi 9 ndiye mwapambanako.

Chimene sindinamve wina akutchula ndi magetsi ndi madzi. Mayi Chirwa, mita ndi imodzi ndi nyumba yanu?

Mayi Chirwa: Ndi imodzi, ya ESCOM yogula mayunitsi ija. Madzinso mpopi ndi umodzi panja.

Mayi Nyirenda: Ndiye musanene kuti lendi ndi ya zonse pamodzi. Ine ndinatero chaka choyamba. Mwezi wa Juni kukuzizira, mayunitsi amene ankatha milungu itatu anayamba kutha masiku asanu. Ndikulowa m'chipinda ndinapeza kachitofu kamagetsi pansi pa bedi, nyemba zikuwira, waya wa soketi wachita kuda. Gulani kamita kakang'ono ka chipindacho, aike wodziwa zamagetsi, muziwerenga limodzi pa 1 mwezi uliwonse. Madzi gawanani bilu potengera mitu ya anthu pakhomo. Zikakhala m'kati mwa lendi, K5,000 mukukanganiranayi ithera mu ketulo.

Bambo Gondwe: Zoona zimenezo, ndinaiwala. Mtengo wa kamitako muuphatikize pa K3,600,000 ija. Ndipo dipoziti ya mwezi umodzi mutenge, koma musaiwerenge ngati phindu, ndi ya mwini wake mpaka atatuluka mutaona chipinda. Funso lina mayi: pa ndalama yomangirayi palibe yangongole?

Mayi Chirwa: Ilipo K600,000 ya ku banki mkhonde, ndinatengera malata ndi mmisiri. Ndiyenera kubweza tisanagawane mu Disembala.

Bambo Gondwe: Chiwongoladzanja chake chiwonjezeni pa mtengo womangira, chifukwa nachonso chalowa m'khomamo. Koma ngongoleyo musayembekeze kuti lendi ndiyo ibweze. Ngakhale munthu atalowa mawa pa K45,000, pofika Disembala simufika pa K600,000. Ibwezeni kuchokera ku geni yanu ina, chipinda chidzakubwezerani pang'onopang'ono.

Mayi Chirwa: Ndapita kukaona ziwiri za aneba madzulo ano. China chili ndi silingi koma pansi ndi pong'ambika, china n'chaching'ono kuposa changa. Ndiyamba kunena K45,000, magetsi ndi madzi padera. Akapezeka wapantchito woti akhalitsa, nditsika mpaka K42,000. Pakatha milungu itatu osapezeka munthu ndibwera pa K40,000. Za ana asukulu ndiyambe ndaganiza, mabedi ndilibe.

Achimwene Jere: K42,000 mudzalira nayo chaka chamawa, ndanena ine.

Mayi Nyirenda: Pulasitala wakunja uja mupake mvula isanayambe mayi. Mmisiri amene anandipangira kwanga ndikutumizirani nambala yake kumbali.