Satifiketi ya ZIMSEC yanyowa, ina sindikuiona: ndiyambire pati?

Naphiri wa ku Mufakose

Moni nonse pagulu pano. Amene munadutsamo m'zimenezi mundigawireko nzeru. Denga la chipinda chimene ndimachita lendi linadontha ndi mvula ya mwezi watha, madzi n'kulowa m'sutikesi ya mapepala. Satifiketi yanga ya O Level ya Novembala 2009, yochokera ku ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, yamatirirana ndi envulopu yake. Dzina likuwerengeka, maphunziro anayi akuoneka bwino, koma m'munsi mwathothoka ndipo manambala ena afufutika.

Masamu ndi Sayansi ndinabwereza mu Juni 2011 ku senta ina ku Highfield, ndinalemba pandekha osati ngati mwana wa sukuluyo. Za mayeso amenewo ndapeza silipi ya zotsatira yokha, satifiketi yake mulibe m'sutikesimo.

Ndikufunsira malo a maphunziro a unamwino ndipo atseka pakatha masabata atatu. Akuti akufuna makope odindidwa, kenako adzaone masatifiketi enieni pa intavyu. China chondidetsa nkhawa, pa satifiketi panalembedwa Piri, pomwe pa chitupa chimene ndinasinthitsa mu 2014 pali Phiri. Ndipite kuti poyamba, ndipo ndinyamule chiyani?

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa

Pepani mlongo. Musavutike n'zambiri, jambulitsani yonyowayo mupite nayo kupolisi akadinde, basi. Chidindo cha polisi chimalandiridwa paliponse. ZIMSEC sapereka satifiketi kawiri, zimenezo iwalani.

Mayi Nabanda, Highfield

Bambo a Tadala, mwanena zoona theka. Chidindo chija chimangochitira umboni kuti kope ikufanana ndi pepala limene wapolisi waliona ndi maso. Pepalalo likakhala lothothoka m'munsi, kope yodindidwa idzakhalanso yothothoka m'munsi, ndipo a intavyu adzafunsabe za magiredi amene sakuonekawo. Zoti sapereka kawiri zinali zoona kale, pamene munthu ankangolandira kalata yotsimikiza magiredi ake. Pano dupuliketi ilipo, ndaigwirapo m'manja.

Ndinagwira ntchito mu ofesi ya sukulu zaka zambiri, ndiye Naphiri mwanawe ndimvere. Uli ndi nkhani ziwiri zosiyana, usaziphatikize. Novembala 2009 ndi Juni 2011 ndi mayeso awiri, aliwonse ndi nambala yake ya senta, nambala yake ya wolemba, ndi satifiketi yakeyake. Sadzakusonkhanitsira magiredi onse papepala limodzi.

Ndiyambe ndi ya 2011, ndipo undiyankhe. Unaitengadi satifiketi imeneyo? Silipi imatuluka msanga, anthu amathamangira iyo. Satifiketi imabwera pambuyo pake, patapita miyezi, ndipo imafikira ku senta kumene unalembera. Olemba paokha ambiri sabwereranso. Ine ndinkasunga mulu wa masatifiketi otere m'kabati yachitsulo, omangidwa ndi labala chaka ndi chaka, eni ake ali m'tauni momwemu akulira kuti anataya.

Naphiri wa ku Mufakose

Iii amayi, mwandidzidzimutsa. Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinasainira satifiketi kumeneko. Ndinangotenga silipi n'kupita nayo kukafunsira ntchito kushopu.

Mayi Nabanda, Highfield

Ndiye mawa lawirira ku sentako usanalipire kalikonse kwina. Unyamule silipi ndi chitupa. Uwapemphe atsegule buku limene anthu amasainamo potenga masatifiketi, ayang'ane Juni 2011 pa nambala yako. Pakakhala popanda siginecha, funsa ngati pepalalo lidakali m'kabati kapena linabwezedwa ku ZIMSEC. Likapezeka ndiye kuti uli ndi yeniyeni, ndipo nkhani ya dupuliketi yatsala ya 2009 yokha. Zaka zapitapo zambiri, sindingalumbire kuti ulipeza, koma ulendo wa kombi imodzi suli ngati kulipira fomu yachiwiri.

Tsopano ya 2009. Usaimatule envulopuyo mokakamiza, inki imachoka pamodzi ndi pepala. Usaisite, usaipake pulasitiki, ndipo chonde usadutsitse cholembera pa manambala ofufutikawo ngakhale ukuwakumbukira. Pepala lonyowa anthu amalimvetsa, koma lokhala ndi inki yatsopano pamwamba amaliona ngati lachinyengo. Uijambule ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo mmene ililimo, uiike mu fayilo, udzapite nayo. Ndi umboni wako.

Chimene ZIMSEC amafufuzira m'mabuku awo ndi mulingo wa mayeso, mwezi ndi chaka, nambala ya senta ndi nambala yako. Ya senta imakhala ndi manambala 6, yako 4. Ngati zafufutika, sukulu imene unalembera Fomu 4 ili nazo pa ndandanda ya zotsatira za chaka chimenecho. Uwapemphe akulembere pa kalata ya sukulu yodindidwa. Popanda manambala amatha kukufufuza ndi dzina, koma tangoganiza a Phiri ndi a Banda amene analemba mu 2009 dziko lonse lino.

Likulu la ZIMSEC lili ku Mount Pleasant mu Harare, pa Upper East Road, ndipo ali ndi maofesi m'zigawo. Unyamule chitupa, satifiketi yobadwira, makope ake odindidwa, ndi afidaviti yolumbira pamaso pa komishinala wa malumbiro yofotokoza mmene pepalalo linaonongekera. Mtengo ndi zina zoonjezera pa fomu zimasinthasintha, ndiye uyambe waona mndandanda wawo wa panopa usanadinditse zinthu.

Achimwene a ku Epworth

Inenso yanga inapita ndi chikwama pa Mbare Musika, ya MSCE. Ndinalembera ku Dedza mu 2012. Ku Mount Pleasant komweko angandithandize? Kapena ndipite ku embase?

Gogo Mbewe, Mabvuku

A ku Epworth, ZIMSEC ilibe dzina lanu m'buku lililonse. MSCE mwini wake ndi MANEB, ku Zomba. Bungwe limene linakulembetsani mayeso ndi lokhalo lingakutsimikizireni. Poti yanu inabedwa, yambani ndi lipoti la kupolisi, kenako mutume m'bale kumudzi akatenge nambala yanu ya mayeso kusukulu ku Dedzako.

Ife a kale tinalemba za Cambridge, ZIMSEC isanatenge mayeso m'manja. Kumeneko ndiye amakana poyera kukupatsa satifiketi ina pakadutsa nthawi. Satifiketi yoonongeka amaisintha pokhapokha pasanathe miyezi 18 chiitulutsireni, ndipo uyenera kubweza yakaleyo. Kupitirira apo amakupatsa chimene pa fomu yawo chalembedwa kuti Certifying Statement, ndipo mayeso a Juni ndi a Novembala umafunsira padera, kulipiranso padera. Mdzukulu wanga analembera pa sukulu yapulayiveti ndiye tinazionera pamenepo. Ndangodutsamo, funso si limenelo.

Mnyamata wa pa tauni

Asisi ndipezeni ku inibokisi. Pali mkulu wina amatulutsa tsiku lomwelo, ya chidindo ndi zonse, dzina amakonza mmene mukufunira.

Woyang'anira gulu

Achimwene, zimenezo pano ayi. Mukabwereza ndikutulutsani. Asukulu za unamwino amatha kufunsa ku ZIMSEC, ndipo dzina likapanda kugwirizana ndi la m'mabuku awo wonjatidwa ndi mwini pepala, osati mkulu wanuyo.

Naphiri wa ku Mufakose

Zikomo a woyang'anira. Amayi Nabanda, nanga za Piri ndi Phiri? Poti akusindikiza ina, sangangokonzeratu h ameneyo?

Mayi Nabanda, Highfield

Apa ndi pamene ambiri a ife amakhumudwira. Dupuliketi imatengera zimene zili m'mabuku a mayeso. Ngati mu 2009 unalembetsedwa kuti Piri, yembekezera Piri. Pa fomu ulembe dzina monga lilili pa satifiketi yakaleyo, chifukwa ukalemba Phiri wofufuzayo adzasaka munthu amene kulibe.

Tayang'ana satifiketi yako yobadwira ndi silipi ya 2011, palembedwa chiyani? Kusukulu tinkakopera dzina kuchokera pa satifiketi yobadwira. Makolo athu ambiri ochokera ku Malawi analembetsa ana kwa makalaliki amene ankalemba mmene amvera, h n'kugwa, l n'kusanduka r. Malamulo a dziko a 2013 atalola obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC kukhala nzika, anthu anakhamukira kukasinthitsa zitupa zija za alieni, ena n'kukonzetsa maina nthawi yomweyo, koma mapepala a sukulu anatsala mmene analili.

Ngati yobadwira ya nthawi imeneyo inali ndi Piri, palibe amene analakwitsa pa mayeso. Ukalumbire afidaviti ina yonena kuti Piri wa pa satifiketi ndi Phiri wa pa chitupa ndi munthu mmodzi, ulembemo tsiku lobadwa, nambala ya chitupa ndi manambala a mayeso onse awiri. Imeneyo izidzayenda ndi masatifiketi ako kulikonse. Koma ngati yobadwira inali ndi Phiri kuyambira kale, ndiye kuti cholakwika chinachitika polembetsa mayeso, ndipo ungapemphe kuti akonze, ndi kalata ya sukulu. Limenelo ndi pempho lapadera, ndipo pakadutsa zaka chonchi usaliwerengere m'masabata ako atatuwa.

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa

Koma amayi, afidavitiyo si onse amailandira. Msuweni wanga anabwezedwa nayo pa kampani ina, anati akufuna maina ofanana basi. Komanso masabata atatu dupuliketi ituluka?

Namwino wa ku Chitungwiza

Ineyo sindingadalire kuti ituluka. Naphiri, funsa za chinthu china chimene amachitcha Confirmation of Results. Imeneyo sakupatsa iwe m'manja. Umalipira, n'kupereka dzina ndi adiresi ya kumene ukufunsira malo, ZIMSEC n'kuwatumizira okha magiredi ako. Siilowa m'malo mwa satifiketi mpaka kale, ukadzafunsira kwina udzalipiranso, koma olandirawo amaikhulupirira chifukwa sinadutse m'manja mwako.

Choyamba pita ku ofesi yolandira mafomu kusukulu ya unamwinoyo ndi satifiketi yonyowayo, uwafunse ngati angalandire kope yake pamodzi ndi lisiti ya ZIMSEC pamene ukudikira. Amene wakuyankha umufunse dzina ndi udindo wake. Ena amalola, ena amakana. Anzanga awiri anayankhidwa zosiyana m'chaka chimodzi.

Naphiri wa ku Mufakose

Ndabwerako ku Highfield. M'buku mulibe siginecha yanga, ndiye kuti sindinaitenge. Koma m'kabati mwawo za 2011 mulibe, akalaliki akuti za zaka zimenezo zinasamutsidwa ndipo amene akudziwa ndi a hedimasitala, abwera Lachinayi. Ndayang'ananso mapepala monga munanenera amayi. Yobadwira yakale ili ndi Piri, koma silipi ya 2011 ili ndi Phiri, poti fomu ya ulendo umenewo ndinalemba ndekha. Ndiye masatifiketi awiriwo adzakhala ndi maina osiyana. Afidaviti imodzi ikwana pa zonsezi, kapena ndilumbire ziwiri?

Mayi Nabanda, Highfield

Imodzi, bola itchule mayeso onse awiri, aliwonse ndi kalembedwe ka dzina lake ndi manambala ake. Ija yofotokoza za mvula ikhale payokha. Usadikire Lachinayi kuti upite ku Mount Pleasant, za 2009 kayambe mawa, ndipo uli komweko uwafunse ngati za Juni 2011 za senta imeneyo zinabwezedwa kwa iwo.